Pambuyo pa Mtsamunda

Sukulu iliyonse ili ndi mphunzitsi amene ana anamulanda dzina n'kumupatsa lina, ndipo mwini wake amakhala womaliza kulimva. Pa sekondale ina ya kuseri kwa depoti ya mabasi panali Madamu Tsambalanji. Anali wochepa thupi, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo chinali chaka chake choyamba kugwira choko. Dzinalo analitola yekha. Mwana akangoyankha kanthu m'kalasi, kaya zoona kaya zopeka, iye ankapendeketsa mutu n'kufunsa kuti, "Tsamba lanji?" Ukati munthu uyu wa m'bukumu ndi wankhanza, tsamba lanji. Ukati nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, tsamba lanji. Akuti tsiku lina mtsikana wina anapempha kuti akadzithandize, ndipo Madamu, ali kalikiliki kulemba pabolodi, anayankha osacheuka kuti, "Tsamba lanji?"

Ntchito inali isanakhale yake. Anali pa chaka choyesedwa, ndipo kalata yomukhazikitsa inkadikira dzanja limodzi lokha, la woyendera masukulu. Munthu ameneyo amabwera, kukhala kumbuyo kwa kalasi kwa mphindi makumi anayi, n'kumalemba. Akasaina, ntchito ndi yako. Akapanda kusaina, ana a Fomu 4 amabwerera kwa mwini wawo wakale, iwe n'kubwerera kukaima kuseri kwa kauntala mugolosale ya mlamu wako, komwe Madamu anali ataimako kale zaka ziwiri akudikira ntchito. Fungo la sopo wa mtanda linali lisanachoke bwinobwino m'mphuno mwake.

Lolemba, nthawi ya tiyi, ahedi anasuzumira m'chipinda cha aphunzitsi.

"Madamu, mlendo wanu uja akubwera Lachinayi. Piriyodi yachitatu. Mudzakhala mukuphunzitsa chiyani?"

"Buku lija la khonde, ahedi. Ndikuyamba kuwaonetsa kawerengedwe ka positikoloniyo."

"Positi chiyani?"

Pakona panamveka kuseka kwa m'mphuno. Anali a Manotsi, mwini wake wakale wa Fomu 4, amene anaphunzitsa buku lomwelo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kuchokera m'kope limodzi. Kopelo linali litasanduka la mtundu wa tiyi, ndipo masamba ake ankagwirana ndi selotepi komanso chisomo cha Mulungu.

"Mwana wanga," anatero a Manotsi akutakasa shuga, "a Insipekita amenewa ndimawadziwa. Tinali limodzi kukoleji. Buku limenelo analilandira ngati mphotho ali Fomu 2, ndipo analiloweza ngati katekisimu. Paukwati wawo anawerengako ndime. Ndiye iwe ukufuna ukalisende pamaso pawo?"

"Sindikulisenda, bambo. Ndikungofuna ana aphunzire kulifunsa mafunso."

"Buku safunsa mafunso. Buku amalemba manotsi." Anakankhira kopelo patebulo mpaka linagunda kapu ya Madamu. "Tenga. Mitu ilimo itatu: kulimba mtima, chitukuko, kukhulupirika kwa antchito. Uwerenge mokweza, ana alembe, belu lilire, munthu asaine. Zanzeruzo udzayambe kalata ili m'thumba."

Madamu analiyang'ana kopelo nthawi yaitali kuposa mmene akanafunira kuti a Manotsi aone. Kenako analibweza mwaulemu, ndi manja awiri.

Bukulo linali la Chingerezi, lolembedwa kalekale ndi mzungu amene anakhalapo bwana wolamulira chigawo m'nthawi ya atsamunda. Dzina lake, tikalitembenuza, ndi Zaka Khumi pa Khonde. Wofotokoza nkhani yake ndi bwana wachigawo nayenso. Amakhala pakhonde ndi kaliwo wake wa fodya, kuweruza milandu, kulambulitsa msewu, kutulukira kasupe kuphiri, ndi kulira maliro a galu wake Jenerale kwa masamba asanu ndi anayi. Chingerezi chake n'chotsekemera, zimenezo palibe angakane. Sukuluyo inali ndi mabuku khumi ndi asanu ndi awiri a ana makumi asanu ndi limodzi, choncho buku lililonse linkawerengedwa ndi mitu itatu kapena inayi yogundana.

Lachiwiri Madamu analemba liwu lalitali lija, positikoloniyo, pabolodi, kuyambira kuzenera mpaka kukhomo.

"Ndani angatiuze tanthauzo lake?"

Kenako mawu ochokera pakati: "Ndi positi ofesi ya atsamunda, Madamu?"

Kalasi inaphulika. Madamu anayesa kufotokoza m'Chingerezi, kawiri, ndipo nkhope zinangomuyang'ana ngati ng'ombe zikuona sitima. Tsono pasukulupo panali lamulo loti m'kalasi musamveke chinenero chakwathu. Wogwidwa ankavekedwa m'khosi kachikwangwani ka thabwa mpaka atagwira mnzake. Madamu anasuzumira pazenera, anaona kuti ahedi ali kutali akukalipira mlonda, n'kutsitsa mawu.

"Mvetserani, ndinena kamodzi. Tanthauzo lake ndi pambuyo pa atsamunda. Kuwerenga buku ndi maso a pambuyo pa atsamunda. Ndiye kuti..."

Belu linalira. Belu la pasukulupo linali limu ya tayala la lole yopachikidwa pamtengo, ndipo woliza wake analibe chifundo ndi chiganizo cha munthu. Ana anayamba kukoka madesiki.

"Mitu isanu yoyamba!" anakuwa Madamu. "Muwerenge ndi maso amenewo! Lachinayi kuli mlendo!"

Lachitatu analibe nawo piriyodi. Koma sanali wopusa. Nthawi yopuma anaitana mtsikana amene anzake ankamutcha Dikishonale, wokhala kutsogolo, amene ankadziwa mawu aatali kuposa ahedi. Anamulowezetsa tanthauzo lonse mpaka linkatuluka ngati madzi a pampopi. Pulani inali yosavuta. Afunsa funso, Dikishonale aimika dzanja, tanthauzo lituluka, a Insipekita agwedeza mutu, ndipo zina zonse ziyenda pang'onopang'ono, mosaponda buku la munthu pachala.

Lachinayi a Insipekita anafika nthawi isanakwane. Anali aatali, a imvi zometedwa bwino, jekete yomangidwa mabatani onse ngakhale kunkatentha. Anakana mpando umene ahedi anawakonzera pafupi ndi khomo. Anayenda mpaka kumapeto kwa kalasi n'kudzipanikiza padesiki lomaliza, pambali pa Malume.

Malume anali wophunzira, koma ankameta ndevu kawiri pamlungu. Sukulu anaisiyapo zaka zitatu n'kumakagwira ntchito yoitanira minibasi, kenako anabwerera, ndipo tsopano anali kubwereza Fomu 4. Chaka chonsecho Madamu anali asanamvepo mawu ake ena kupatula akuti "Ndilipo." Mawondo ake sankakwana pansi pa desiki, ndiye ankakhala chammbali ngati munthu wodikira basi.

Madamu analemba liwu lija pabolodi. Anatembenuka.

"Ndani angatikumbutse tanthauzo lake?"

Dzanja la Dikishonale linakwera ngati mbendera.

"Pepani, Madamu," anatero a Insipekita m'Chingerezi chosalala. "Zaka zimene ndayendera masukuluzi zandiphunzitsa kuti dzanja lokwera msanga limakhala lodyetsedwa dzulo. Ndifunse mnzanga ndakhala nayeyu. Iwe, imirira. Liwu limenelo likutanthauza chiyani?"

Malume anaimirira m'zigawo, mawondo poyamba, kenako msana. Anayamba m'Chingerezi, chinamuthera pa liwu lachitatu, ndiye anangolowa m'chakwathu, kachikwangwani kaya kabwere.

"Ndi kuyang'ana za pambuyo pa mtsamunda, bwana. Kumbuyo kwakeko."

Kenako wina kutsogolo anatulutsa kamawu ngati tayala likuphwa, ndipo kalasi yonse inagwa. Atsikana anabisa nkhope m'makope. Mnyamata wina ananong'ona mokweza kuti, "Malume akufuna amuvule kabudula mzungu!" ndipo phokoso linawirikiza. A Insipekita anatsegula cholembera chawo. Madamu anamva kulira kwa kachivindikiro kake kuchokera kutsogolo, ndipo fungo la sopo wa mtanda linamubwerera m'mphuno.

Ankadziwa choyenera kuchita. Kunena kuti wayesetsa, khala pansi, n'kuloza Dikishonale. Anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo. Koma lilime ndi kanyama kozolowera njira yake.

"Tsamba lanji?"

"Thwelofu, Madamu."

Kuseka kunaduka. Malume anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, kolembedwa manambala mumzere ngati mmene ankalembera maulendo a minibasi.

"Munati tiwerenge ndi maso a pambuyo. Ndiye ine ndinkangofufuza chilichonse chimene chili pambuyo pa bwanayo. Tsamba thwelofu akuti, womasulira wanga anaima pambuyo pa mpando wanga monga mwa nthawi zonse. Munthu ameneyu ali m'mutu uliwonse, Madamu, koma dzina lake mulibe. Tsamba twente, khitchini ili pambuyo pa nyumba. Bwanayo salowako, chakudya chimangotulukira chokha. Wophika amamutcha kuti mnyamata wanga. Koma tsamba sate-firii mnyamatayo akupempha tchuthi kuti akaone mdzukulu wake."

"Mnyamata wa mdzukulu!" anatero wina. "Ngati Malume!"

"Khala chete iwe, ndikuponda," anatero Malume osacheuka. "Ndiye ndinawerenga mayina. M'mitu isanuyi anthu akuda amene ali ndi dzina palibe. Galu ali nalo. Jenerale. Alitchula ka fote-wanu."

Madamu anapeza kuti choko chili kale m'manja mwake. Analemba pabolodi: Ndani wapatsidwa dzina? Mitu inagundana pamabuku khumi ndi asanu ndi awiri aja, masamba akulira.

"Pitiriza."

"Fifite-eyiti. Akuti, ndine munthu woyamba kuona kasupe ameneyu, ndipo onyamula katundu anali pambuyo panga. Koma pamwamba pa tsamba lomwelo akuti anatsata kanjira kopondeka bwino, ndipo pakasupepo anapeza mtsuko wosweka." Malume anakanda ndevu. "Ndiye ine ndinadabwa. Kanjirako anaponda ndi Jenerale? Mtsukowo unadzibweretsa wokha?"

Dikishonale, amene dzanja lake linali litatsika pang'onopang'ono ngati mbendera ya madzulo, analikwezanso. "Madamu, ndiye kuti akamati munthu woyamba, enawo sakuwawerengera ngati anthu!"

"Tsamba lomwelo likukuvomereza," anatero Madamu, n'kulemba: Akufotokoza nkhaniyi ndani, ndipo maso ake saona chiyani?

"Tingoliotcha bukuli!" anakuwa mnyamata wa kabudula uja.

"Ukaliotcha umboni wako uupeza kuti? Ndipo tili nawo khumi ndi asanu ndi awiri okha. Khala pansi." Madamu anapuma, n'kuyang'ana Malume. "Tsono tikonze pang'ono. Pambuyo amene ndinkanena ine Lachiwiri ndi wa nthawi. Atsamunda analamulira, anachoka, ife tikuwerenga buku lawo iwo atapita. Koma si kuti zonse zinapita nawo. Anasiya misewu, malamulo, chinenero, ndiponso kaonedwe kawo ka ife, kamene nthawi zina timadziona nako tokha. Kawerengedwe aka kamafunsa kuti ulamuliro umenewo ukuoneka bwanji m'nkhani, ndani akulankhula, ndani akungolankhulidwa. Iwe unamva pambuyo wa malo. Unalakwitsa liwu, koma ntchito wagwira yomweyo."

Apa a Insipekita anatsokomola. Sanatsegule buku. Analibe nalo ntchito.

"Madamu, mwina ana akuiwala kuti anthu a m'bukumu ankamukonda bwana wawo. Pamsonkhano wa msewu, mayi wina anaimirira n'kumuthokoza pamaso pa onse. Zili m'buku."

Madamu anamva mawu akukwera kukhosi kwake ndipo anayesa kuwameza. Anaganiza za kauntala, za mlamu wake akuwerenga machesi. Sizinathandize.

"Tsamba lanji, bwana?"

Ahedi, amene ankamvetsera ali panja pazenera akunamizira kuyang'ana maluwa, anagwira kumutu.

"Tsamba la makumi asanu ndi awiri mphambu limodzi," anatero a Insipekita mozizira. "Ndime yachiwiri." Anaimirira, anatuluka padesiki, anaika dzanja limodzi kumbuyo, n'kuyamba kulakatula pamtima, maso ali kudenga. Mawu awo anasintha, anakhala a mwana wa Fomu 2 wolandira mphotho. Bwana anauza anthu kuti nyumba iliyonse ipereke mwamuna mmodzi wokakumba msewu, kuyambira sabata yomwe mvula yoyamba inagwa. Mayi wina anaimirira. Analankhula mpaka kaliwo wa bwana anazima, bwana anamudzazanso, mayiyo akulankhulabe, akuloza kuminda. Atamaliza, khamu lonse linaseka. Bwana anacheukira womasulira wake, ndipo womasulirayo anawerama n'kunena kuti, akuti zikomo, bwana. Ndipo ndinazindikira, akutero wofotokoza nkhani, kuti anthu awa ali ngati ana, amakondwa ndi zochepa.

A Insipekita anatsitsa maso. "Mwamva? Zikomo."

"Bwana," anatero Dikishonale mosamala, "zikomo wake ndi wautali bwanji? Kaliwo mpaka kuzima?"

"Ndipo nthawi yodzala," anatero mtsikana wina. "Amuna onse kumsewu, kumunda kupite ndani? Mayi anga atathokoza choncho, ine ndimathawa."

"Anamutukwana!" anatero wa kabudula uja mokondwa. "Anamutukwana za pambuyo pake zomwezo!"

"Tsamba lanji?" anatero Madamu. "Palibe. Zimene mayiyo ananena sitikuzidziwa, ndipo tisazipeke n'kumati zili m'buku. Chimene tingaloze ndi chala ndi ichi: analankhula nthawi yaitali, analoza kuminda, anthu anaseka, ndipo kwa bwana kunafika liwu limodzi. Bwanayo anakhala zaka khumi osaphunzira chinenero cha anthu amene ankawaweruza. Zonse zimene akudziwa za iwo zinadutsa pakamwa pa munthu woima pambuyo pake. Kandimverere anakanena za m'maluwa." Analemba funso lachitatu: Ndani akulankhula, m'chinenero chanji, kudzera mwa yani? Pansi pake anawonjezera lachinayi: Akuwafanizira ndi chiyani? "Akuti ali ngati ana. Munthu ukamutcha mwana, wadzipatsa kale chilolezo chomusankhira zochita. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Wofotokoza nkhani si wolemba buku. N'kutheka wolembayo anaika kusekako dala kuti timuone bwana wake akupusitsidwa. N'kuthekanso sanadziwe chimene analemba. Zimenezo tikangana sabata yamawa, aliyense ndi tsamba lake."

A Insipekita anali asanakhale pansi. Nkhope yawo inali itachita tsinya. Anayenda kufika pakati pa kalasi, anatembenukira ana, n'kuyamba kulankhula. Chinali Chingerezi cha pa tsiku la mphotho, cha mawu aatali ngati njanji. Ananena kuti msewu ngati umenewo ndi umene anadzera m'mawa womwewo. Ananena kuti buku limeneli ndi limene linawaphunzitsa kukoma kwa chiganizo, iwo ali mwana wopanda nsapato. Ananena za m'badwo wosayamika, za kuweruza akufa amene sangadziyankhire, za kuopsa kopatsa ana nyundo asanaphunzire kumanga. Zina mwa izo zinali zoona, ndipo Madamu anazisunga kuti adzazigwiritse ntchito. Koma zinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo ana anatayika pa mphindi yoyamba. Ngakhale Dikishonale anasiya kulemba.

Atamaliza, anaona nkhope zija za ng'ombe ndi sitima.

"Sanamve," anatero. Anacheuka. Malume anali chiimire, chifukwa palibe amene anamuuza kuti akhale, ndipo tsopano anali pambuyo pawo penipeni. "Iwe, poti chakwanu ukuchitha. Auze anzako zimene ndanena."

Malume anayang'ana Madamu. Madamu anayang'ana pansi. Malume anaika manja kumbuyo, anawerama pang'ono, n'kunena mofatsa:

"Akuti zikomo."

Palibe anaseka. Ana makumi asanu ndi limodzi anagwira mpweya, masaya atatupa, misozi ikulengeza. Kumbuyo wina analuma kope. A Insipekita anaima chilili, akuyang'ana Malume, kenako bolodi, kenako Malume. Pakona ya mlomo wawo panagwedezeka kanthu, koma anakagwira msanga. Ndiye limu ya lole ija inalira, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito Madamu anamudalitsa woliza belu.

Mu ofesi ya ahedi munali mipando iwiri yabwino ndi umodzi wolumala. Madamu anapatsidwa wolumalawo. Ahedi anati akaone za tiyi, n'kuthawa. A Insipekita anatsegula fayilo n'kuyamba kuwerenga zimene analemba.

Deti silinalembedwe pabolodi. Cholinga cha phunziro sichinanenedwe poyamba. Chinenero choletsedwa chinamveka m'kalasi kuyambira mphindi yachinayi mpaka kumapeto, mphunzitsi akutsogolera. Phokoso linafika kuofesi. Tanthauzo la liwu lalikulu linaperekedwa mochedwa, ndipo zikuoneka kuti poyamba linaperekedwa mwa theka. Mphunzitsi anafunsa mlendo umboni pamaso pa ana. Anapitiriza choncho, tsamba loyamba, lachiwiri, ndipo Madamu ankangoti "Inde, bwana," akuganiza kuti mwina mlamu wake amulola kukhala pampando masana kukakhala kopanda makasitomala.

Ahedi analowa ndi thireyi ya makapu a tiyi.

"Ndiye mwati bwanji, bwana? Mwana wathuyu?"

A Insipekita anatenga kapu, anaphweramo, n'kuyang'ana Madamu pamwamba pa magalasi.

"Madamu, amasulireni ahedi zimene ndanena."

Madamu anayang'ana masamba awiri odzaza inki yofiira aja. Anayang'ana nkhope ya mkuluyo. Pakona ya mlomo paja panali pakugwedezekanso. Golosale inali kale pakhomo, ndiye panalibenso china choti n'kutaya.

"Akuti zikomo, ahedi."

A Insipekita anaseka mpaka tiyi anatayikira pafayilo. Kunali kuseka kwa munthu amene wakusunga kuyambira piriyodi yachitatu. Ahedi anaseka nawo, osadziwa chifukwa chake, pongofuna kukhala mbali yabwino.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu," anatero mkuluyo akupukuta magalasi. "Ndime imeneyo ndinailakatula paukwati wanga. Apongozi anga anaombera m'manja. Kaliwo ameneyo ndamuzimitsa kambirimbiri ndi pakamwa pangapa, osadzifunsa kuti zikomo wotani ameneyu." Anakoka kalata pansi pa fayilo, anaisaina, n'kuikankhira kwa Madamu. "Bukulo ndikulikondabe, musaganize kuti mwandilanda. Ndipo deti muzilemba."

"Ndizilemba, bwana. Zikomo, bwana."

"Zikomo wake uti?"

"Wamfupi, bwana. Weniweni."

Madamu anagwira kalatayo ndi manja awiri. Inali yopepuka modabwitsa. Anali atadzuka kale pamene a Insipekita anatsegulanso cholembera.

"Chinthu chimodzi. Ndikufuna ndimutchule mu lipoti wophunzira uja. Wandevu uja. Dzina lake ndani?"

"Malume, bwana."

"Limenelo ndalimva. Ndikuti dzina lake lenileni."

Madamu anatsegula pakamwa. Anadikira kuti dzina libwere. Miyezi isanu ndi iwiri akuitana mayina m'kaundula, maso ali papepala, mawu akuti "Ndilipo" akuchokera kwinakwake kumbuyo. Ankadziwa kuti likuyamba ndi chilembo cha kumapeto kwa alifabeti. Kapena cha pakati. Anayang'ana ahedi. Ahedi anayamba kuwerenga makapu.

"Nanga galu wa m'buku uja," anafunsa a Insipekita mokoma mtima kwambiri, "dzina lake ndani?"

"Jenerale," anayankha Madamu ndi mawu aang'ono.

"Ehe. Anyani amasekana zikundu." Anatsamira pampando, atakondwa ngati munthu amene wabwezeredwa chenji chimene anachiiwala. "Kaundula ali kuti?"

"M'kalasi, bwana."

"Ndidikira. Mukalipeza mudzandiuze tsamba lake."

Madamu anatuluka ndi kalata yake. Pakhonde anadutsana ndi a Manotsi, amene anafunsa kuti zayenda bwanji, koma sanaime. M'kalasi anapeza ana ali phokoso, wa kabudula uja akuyesezera kuyenda kwa a Insipekita. Kaundula anali patebulo pomwe anamusiya. Anaika dzanja pachikuto, kenako analichotsa. Anayenda pakati pa madesiki mpaka kumapeto, komwe chaka chonsecho anali asanafikeko, ndipo anaona kuti kuchokera kumeneko theka la bolodi limabisika ndi mitu.

Malume anayamba kuimirira, mawondo poyamba.

"Khala," anatero Madamu, n'kudzipanikiza pamalo pomwe panakhala mlendo. "Ndiuze dzina lako. Lonse, ndi la bambo ako lomwe."